Kalata yosiyira ntchito: tsiku lomaliza lilembedwe bwanji?

"Ndisiya ntchito kumapeto kwa mwezi wamawa." Chiganizo chotere chimapezeka m'makalata ambiri osiyira ntchito, ndipo wolemba amaona ngati wanena zonse. Koma taganizani kalata yolembedwa Lachisanu pa 29 Meyi, n'kugona m'dirowa ya mlembi mpaka Lolemba pa 1 Juni pamene bwana akuitsegula. Mwezi wamawa ndi uti? Wolemba akunena Juni. Wowerenga, kalendala ili pakhoma kutsogolo kwake, akumva Julaye. Palibe amene wanama, koma anthu awiriwa asiyana ndi mwezi wathunthu, ndipo adzazindikira zimenezi mochedwa, wina atalonjeza kale kwina kuti akuyamba ntchito pa 1 Julaye.

Kalata yosiyira ntchito ili ndi zinthu ziwiri zimene zimadzawerengedwanso pakabuka mkangano. Choyamba ndi tsiku limene mgwirizano wa ntchito ukutha. Chachiwiri ndi zimene munalonjeza kuti musiya m'manja mwa ena musanachoke. Mawu othokoza ndi abwino, aikenimo, koma sadzakuthandizani tsiku limene akauntanti akuwerengetsa malipiro anu omaliza.

Lamulo likuti notisi ndi yaitali bwanji?

Tsiku lomaliza silisankhidwa mwachisawawa. Limachokera pa kutalika kwa notisi, ndipo ku Malawi kuno muyeso wake uli m'Lamulo la Ntchito la 2000, gawo 29. Lamuloli likuti mgwirizano wopanda tsiku lothera ungathetsedwe ndi mbali iliyonse, wolemba ntchito kapena wolembedwa, popereka notisi yolembedwa. Wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pa sabata apereke sabata imodzi ngati sanakwanitse zaka ziwiri pamalopo, masabata awiri ngati wagwira zaka ziwiri mpaka zisanu, ndi mwezi ngati wafika zaka zisanu. Mgwirizano wa nthawi yodziwika, monga wa chaka chimodzi, notisi yake yochepetsetsa ndi masiku 14.

Umenewu ndi muyeso wapansi. Kontirakiti imene munasayina itha kunena nthawi yaitali kuposa pamenepa, ndipo m'maudindo akuluakulu si zachilendo kupeza miyezi itatu. Choncho musanagwire cholembera, tulutsani kontirakitiyo m'chikwama momwe yakhala kuyambira tsiku lolembedwa ntchito, muwerenge ndime ya notisi liwu ndi liwu. Amene amagwira ntchito kunja asatengere za kwathu kuno. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri ali m'makomo ndi m'mafamu, lamulo la 1997 limafuna masabata anayi kwa wantchito wapakhomo kapena wapafamu amene wapitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo masabata anayi si mwezi: ndi masiku 28.

Mawu oti "mbali iliyonse" aja ali ndi phunziro lake. Ife tinaleredwa kuti kwa wamkulu timapempha, sitiuza, ndiye dzanja limathamangira kulemba kuti "ndikupempha kuti mundilole kusiya ntchito". Ulemu wake ndi womveka, koma kalata yoteroyo yasanduka pempho, ndipo pempho limadikira yankho. Bwana akakhala chete masabata awiri n'kunena kuti anali kuganizirabe, notisi yanu yayamba liti? Lembani kuti "ndikukudziwitsani" kapena "ndikupereka notisi". Ulemu muuike m'malonje ndi m'mawu othokoza, osati m'chiganizo chonyamula tsiku.

Kuwerenga masiku

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Mayi wina amasunga katundu m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, amalandira K450,000 pamwezi, ndipo kontirakiti yake ikuti notisi ndi mwezi umodzi. Wapeza ntchito ina ku Kanengo. Kalata yake akuipereka Lolemba pa 15 Juni 2026.

Njira yosakuikani m'mavuto ndi yosawerengera tsiku lopereka kalata. Notisi iyambe mawa lake, Lachiwiri pa 16 Juni, ndipo mwezi ukwana Lachitatu pa 15 Julaye. Limeneli ndilo tsiku lake lomaliza, ndipo akuyenera kuligwira lonse mpaka nthawi yoweruka. Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi cha Ufulu cha pa 6 Julaye zili m'kati mwa mwezi womwewo, sizitalikitsa notisi.

Apa pali msampha. Makontirakiti ena, makamaka olembedwa m'Chingerezi, amanena za mwezi wa pakalendala, ndipo mabwana ena amamva kuti umenewu ndi mwezi woyambira pa 1 kukathera pa 30 kapena 31. Pa kamvedwe kameneka, kalata ya pa 15 Juni yaphonya Juni, notisi iyamba pa 1 Julaye n'kutha Lachisanu pa 31 Julaye. Kusiyana kwa 15 Julaye ndi 31 Julaye ndi masabata awiri ndi masiku awiri, ndipo ku Kanengo sangadikire popanda kuuzidwa. Ndi chifukwa chake kalata siyenera kungonena kutalika kwa notisi n'kusiyira bwana kuti awerengetse yekha. Werengetsani inu, lembani tsikulo, ndipo ngati iwo akuona mwina anene sabata yoyamba yomweyo, nthawi yokonza ikadalipo.

Tsikulo lilembedwe lathunthu: dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, ndi chaka. "Lachitatu pa 15 Julaye 2026." Dzina la tsiku limathandiza kugwira cholakwika, chifukwa mukalemba Lachisanu pa 15 Julaye wina adzafunsa kuti mukunena liti. Mwezi ulembedwe m'mawu chifukwa manambala okha amasocheretsa. Kwa ife 07/08 ndi pa 7 Ogasiti, koma m'bungwe lotsata kalembedwe ka ku Amereka ndi pa 8 Julaye. Pewaninso mawu oti "kuyambira pa 15 Julaye". Kodi pa 15 pamenepo mudzabwera, kapena ndilo tsiku loyamba kusaoneka? Nenani mosabisa kuti tsiku lomaliza kugwira ntchito ndi lakuti.

Nanga a ku Kanengo akanena kuti akumufuna pa 1 Julaye? Apa mayiyu asamale, mapanga awiri avumbwitsa. Akachoka pa 30 Juni, notisi yake yaperewera masiku 15, ndipo gawo 30 la lamulo lija likuti wochoka popanda notisi yokwanira alipire bwana ndalama zofanana ndi malipiro amene akanalandira mpaka notisi itatha, pokhapokha bwanayo atakhululuka. Kwa iye ndi pafupifupi theka la malipiro a mwezi, cha m'ma K225,000. Njira zilipo ziwiri zoyera: kupempha bwana kuti afupikitse notisi, kapena kuvomera kulipira. Zonse zimalembedwa. M'kalatamo anene tsiku lalamulo, 15 Julaye, kenaka m'ndime ina apemphe kuti ngati n'kotheka amasulidwe pa 30 Juni. Pempholi likakanidwa, notisi ija ili chikhalire, ikuyendabe. Likavomerezedwa, yankho libwere papepala. "Palibe vuto, pitani" wonenedwa pakhonde amaiwalika msanga, makamaka wonenayo akasamutsidwa.

Masiku a tchuthi otsala

Pali chinthu china chimene chimasokoneza tsiku lomaliza kuposa china chilichonse: tchuthi chimene simunapite. Lamulo limapereka masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa wogwira asanu ndi limodzi. Tinene kuti mayi wathu watsala ndi masiku asanu. Akhoza kufuna kuwadya kumapeto kwa notisi kuti apeze mpata wosamukira ku Lilongwe, kufunafuna nyumba ku 25 kapena ku 49 ndi kulembetsa ana sukulu.

Akatero, kalata yake ikhala ndi masiku awiri osiyana, ndipo onse ayenera kutchulidwa. Masiku asanu ogwira ntchito kuwerenga chobwerera kuchokera pa 15 Julaye ndi 15, 14, 13, 10 ndi 9. Ndiye kuti tsiku lomaliza kuoneka pantchito ndi Lachitatu pa 8 Julaye, pamene mgwirizano ukutha pa 15 Julaye. Malipiro, ndalama za penshoni ndi kutalika kwa zaka zimene wagwira zimawerengedwa mpaka pa 15. Kusiyirana ntchito konse kuyenera kutha pofika pa 8. Akangolemba kuti "tsiku langa lomaliza ndi 8 Julaye", akauntanti ali ndi chifukwa chonenera kuti notisi yaperewera sabata.

Chinanso, kudya tchuthi m'kati mwa notisi ndi chinthu chopempha, osati cholengeza. Bwana akhoza kukana n'kusankha kulipira masikuwo pamodzi ndi malipiro omaliza, zomwe lamulo limafuna pa tchuthi chimene wantchito wachipeza koma sanapite. Ine ndikanakhala mayiyu, wosunga katundu wa mamiliyoni, ndikanasankha ndalamazo n'kugwira mpaka pa 15. Chifukwa chake chioneka tikawerenga masiku amene alipo osiyira ntchito.

Zosiya m'manja mwa ena

Kuchokera pa 16 Juni mpaka pa 15 Julaye, masiku ogwira ntchito alipo 21 okha tikachotsa tchuthi cha pa 6 Julaye. Akadya tchuthi chija atsala 16. M'masiku amenewa malole akubwerabe, makasitomala akutengabe simenti ndi malata, ndipo kumapeto kwa Juni kuli malipoti ake. Mwezi umaoneka wautali ukakhala pakalendala, koma ku nyumba ya katundu umatha ngati makatani.

Makalata ambiri amangoti "ndidzaonetsetsa kuti ndasiya zonse bwinobwino". Chiganizo chimenechi sichimanga aliyense, ndipo choipa kwambiri n'chakuti sichimasula aliyense. Kodi "zonse" zimatha pati? Pa tsiku lomaliza bwana akhoza kunena kuti sizinathe, ndipo mulibe chomuonetsa. Lonjezo lothandiza limayankha mafunso atatu: chinthu chanji, kwa yani, pofika liti.

Kwa wosunga katundu, chachikulu ndi kuwerenga sitoko. Kalata inene tsiku lowerengera ndi amene adzakhalepo. Kuwerengako kusakhale pa tsiku lomaliza. Matumba a simenti akapezeka 212 pamene khadi la katundu likunena 220, pamafunika masiku ofufuza: mwina matumba asanu ndi atatuwo anatuluka pa chikalata chimene sichinalowetsedwe m'buku, mwina anaphulika n'kuikidwa pambali, mwina anabwerekedwa ndi nthambi ina pa foni chabe. Zimenezi zimapezeka mukadali pamalopo, mafayilo muli nawo, dalaivala amene ananyamula mukumuona tsiku ndi tsiku. Mukachoka, matumbawo amangosanduka ngongole yanu. Komanso kusakhale kutali kwambiri ndi tsiku lomaliza, chifukwa mukawerenga pa 20 Juni n'kupitiriza kutulutsa katundu masabata atatu, manambalawo atha ntchito. Lachinayi pa 9 ndi Lachisanu pa 10 Julaye ndi masiku abwino: patsala atatu okonza zosiyana. Kuchokera pamenepo makiyi akhale ndi wolandira ntchito, katundu aliyense wotuluka azisayinira iyeyo, mayiyu azingothandiza.

Mfundo ya makiyiyi ndi imene ambiri amaiphonya. Udindo umasamuka pamene makiyi asamuka. Mukasayinirana sitoko Lachisanu koma makiyi n'kukhala nawo awiri mpaka Lachitatu, chosowa chilichonse chilibe mwini, ndipo kawirikawiri chimagwera amene wachoka, poti sali pomwepo kuti adziyankhire.

Chachiwiri ndi ntchito zimene zili m'njira, zomwe sizingathe ngakhale mutalimbikira chotani. Pali katundu woitanitsidwa amene sanafike, katundu wobwezedwa kwa ogulitsa amene sanasinthidwe, ndi makasitomala amene analipira koma sanatenge. Musalonjeze kuzimaliza. Lonjezani kuzilemba: chilichonse chili pati, mapepala ake ali m'fayilo iti, wolankhula naye ndani. Onaninso masiku oikika amene akugwa inu mutapita. Kampani yolembetsa msonkho wa VAT imayenera kupereka lipoti la Juni ku MRA pofika pa 25 Julaye, patatha masiku khumi mayiyu atachoka, ndipo akauntanti adzafuna mainivoyisi onse a katundu amene analowa m'Juni. Akawapereka pa 3 Julaye n'kusayinitsa, wapewa mafoni a pa 24 Julaye ofunsa kuti pepala lakuti lili kuti.

Chachitatu ndi katundu wa kampani amene ali m'manja mwanu: makiyi, foni ndi simu yake, laputopu, chidindo, ndalama zapatebulo zogulira tinthu ting'onoting'ono, chiphaso cholowera pageti. Ngati simuyo ndi imene makasitomala amatumizako ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama zotsalamo zilembedwe pa tsiku lopereka, onse awiri mukuona. Manambala achinsinsi asalowe m'kalata, chifukwa kalata imadutsa m'manja ambiri n'kukakhala m'fayilo. Ndipo musasiyire mnzanu dzina lanu lolowera pakompyuta kuti azigwiritsa ntchito. Pemphani kuti litsekedwe pa tsiku lomaliza, iye amutsegulire lake, apo ayi zimene adzalembe m'Ogasiti zidzaoneka ngati mwalemba inu.

Nanga ngati palibe wolandira? Izi ndi zofala, poti kulemba munthu watsopano kumatenga nthawi kuposa mwezi. Kusankha wolowa m'malo si ntchito ya wochoka, ndipo si bwino kutchula mnzanu m'kalata musanamve maganizo a bwana, mungamuike pamoto. Chimene mungachite ndi kupempha kuti akuuzeni wolandira pofika tsiku lakuti, n'kunena kuti akapanda kutero mudzapereka zonse kwa amene amakuyang'anirani. Mukatero mpira uli kwa iwo, ndipo tsiku lanu silikusuntha.

Pali ziganizo ziwiri zimene ndimalangiza kuti zisalowemo n'komwe, ngakhale zimachokera mu mtima wabwino. China ndi "ndikhalabe mpaka mutapeza wina". Chimenechi chimafufuta tsiku lomaliza lija, chifukwa chaika kuchoka kwanu m'manja mwa anthu amene alibe chifukwa chofulumirira. Chinzake ndi "mutha kundiimbira nthawi ina iliyonse". Adzaimbadi, muli pamsonkhano ndi bwana watsopano. Ngati mukufuna kuthandiza mutachoka, ikani malire: mafunso afupiafupi pa foni, kwa masabata awiri, nthawi yoweruka. Kapena musalembe chilichonse, mudzathandize mwa kufuna kwanu.

Kalata yake

Makalata ambiri a m'maofesi amalembedwa m'Chingerezi, koma lamulo likungofuna kuti notisi ikhale yolembedwa, ndipo mafupa a kalatayo ndi omwewo m'chiyankhulo chilichonse. Pamwamba pakhale adiresi yanu, deti, ndi udindo wa amene mukumulembera. Thupi lake, kwa mayi wathu, likhoza kukhala lotere:

Wokondedwa Bwana,

KUSIYA NTCHITO YA WOSUNGA KATUNDU

Ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya wosunga katundu. Malinga ndi kontirakiti yanga, ndikupereka notisi ya mwezi umodzi kuyambira Lachiwiri pa 16 Juni 2026. Tsiku langa lomaliza kugwira ntchito likhala Lachitatu pa 15 Julaye 2026.

Ndatsala ndi masiku asanu a tchuthi. Ndigwira ntchito mpaka tsiku lomaliza, ndipo ndikupempha kuti masikuwa alipiridwe pamodzi ndi malipiro anga omaliza.

Ndikupempha kuti mundiuze pofika Lachisanu pa 26 Juni amene alandire ntchitoyi. Ngati sanapezeke, ndidzapereka zonse kwa amanijala a nthambi. Mainivoyisi a katundu wolowa m'Juni ndidzapereka kwa akauntanti pofika Lachisanu pa 3 Julaye. Mndandanda wa katundu woitanitsidwa amene sanafike, wobwezedwa, ndi wolipiridwa koma wosatengedwa ndidzaupereka Lachitatu pa 8 Julaye. Ndikupempha kuti tiwerenge sitoko pa 9 ndi 10 Julaye pamodzi ndi wolandira ntchito ndi akauntanti, tisayinirane, ndipo makiyi ndipereke tsiku lomwelo. Foni ya kampani, chidindo ndi chiphaso ndidzabweza pa 15 Julaye.

Chonde mundiyankhe molemba kuti mwalandira kalatayi ndipo mukugwirizana ndi tsiku lomalizali.

Ndikuthokoza chifukwa cha zaka zimene ndagwira nanu ntchito.

Ine wanu,

Kalatayi ikukwana tsamba limodzi, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira. Tsatanetsatane wa matumba, mafayilo ndi manambala a foni a ogulitsa ndi wa chikalata china, chosiyirana ntchito, chimene chidzalembedwe m'kati mwa mwezi ndi kusayinidwa ndi anthu atatu: wopereka, wolandira ndi mboni. Kalata yosiyira ntchito imangokhoma zikhomo za masiku. Onaninso kuti mawu oti "ndikupempha" akupezeka pa zinthu zimene zilidi m'manja mwa bwana, monga wolandira ntchito ndi tsiku lowerengera sitoko, koma pa tsiku lomaliza palibe. Chifukwa chochokera sichinatchulidwe, ndipo pa kusiya ntchito wamba sichifunika. Nkhani imasintha ngati munthu akuchoka chifukwa khalidwe la bwana lafika poti sangathe kupitiriza. Gawo 60 la lamulo lija limaona kuchoka kotereku ngati kuchotsedwa ntchito, ndipo kalata yake ndi ya mtundu wina, yofunika kufunsa kaye ku ofesi ya leba kapena kwa loya musanailembe.

Lonjezo lililonse m'kalatamo ndi chinthu chimene mudzafunsidwe. Choncho lembani zokhazo zimene mungakwanitse ndi manja anu. Mayiyu sanalonjeze kuti aphunzitsa wolowa m'malo "mpaka adziwe ntchito", chifukwa kudziwa kwa munthu wina sikuli m'mphamvu zake. Akafuna kutchula za kuphunzitsa, anene masiku: kuyambira pa 29 Juni azigwira limodzi m'mawa uliwonse.

Kupereka kalata

Notisi imayamba kuyenda kalata ikafika kwa woyenera kuilandira, osati pamene yalembedwa. Sindikizani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cholandirira, alembepo deti ndi kusayina, mupite nayo kunyumba. Musaisiye m'dirowa ya ku ofesi, chifukwa tsiku limene mudzaifune mwina simudzaloledwa kulowa. Bwana akakhala kuti ali ku ulendo, perekani kwa oyang'anira antchito kapena kwa wachiwiri wake, ndipo tumizaninso pa imelo tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Uthenga wa pa WhatsApp ungathandize ngati umboni woonjezera, koma usalowe m'malo mwa kalata yosayinidwa. Ndi ulemu kuyamba mwalankhula ndi bwana pamaso, kalata ili m'manja, n'kuipereka pomaliza kucheza. Kulankhula lero n'kudzapereka kalata sabata yamawa ndi kutaya sabata.

Mukaipereka, yaperekedwa. Kuibweza kumafuna chilolezo cha bwana, choncho musalembe musanagwire kalata yolembedwa ntchito yochokera kumene mukupita.

Mabwana ena, makamaka pa ntchito zogwira ndalama ndi katundu, akalandira kalata amanena kuti "siyani makiyi, pitani lero lomwe". Ali ndi ufulu wosafuna kuti mugwire notisiyo, koma pamenepa tsiku lolembedwa lija limagwira ntchito yake yaikulu. Inu mwanena molemba kuti muli okonzeka kugwira mpaka pa 15 Julaye. Ngati iwo ndi amene akufupikitsa, mfundo ya gawo 30 ndi yoti malipiro a nthawi yotsalayo aperekedwe m'malo mwa notisi. Musatuluke pageti ndi mawu apakamwa okha. Pemphani kapepala konena kuti akumasulani kuyambira tsiku lakuti ndipo malipiro afika mpaka liti. Popanda kapepalako, kusaoneka kwanu mawa lake kukhoza kulembedwa kuti mwathawa ntchito, ndipo mudzapezeka kuti inuyo ndi amene mukulipitsidwa notisi. Kwa wosunga katundu pali chinanso: asapereke makiyi sitoko isanawerengedwe. Akakakamizidwa, alembe pomwepo kuti wapereka makiyi kwa uje, nthawi yakuti, sitoko isanawerengedwe, ndipo wolandirayo asayine.

Yankho la bwana likabwera, liwerengeni ndi diso lomwe munawerengera kontirakiti. Likanena tsiku losiyana ndi lanu, monga 31 Julaye, musangokhala chete poganiza kuti mudzakambirana nthawi ikakwana. Yankhani molemba sabata yomweyo, mutchule ndime ya kontirakiti imene mwatsata.

Tsiku lomaliza limayambitsanso wotchi ina. Lamulo likuti malipiro ndi zina zonse zoyenera wantchito ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri mgwirizano utatha, ndiye kwa mayiyu ndi pofika pa 22 Julaye. Makampani ambiri amagwira ndalamazi mpaka fomu yotsimikiza kuti mwabweza zonse itasayinidwa ndi nthambi iliyonse, choncho itengeni sabata yomaliza isanayambe, muziyenda nayo. Pa tsiku lomwelo pemphani setifiketi yothetsera ntchito, imene gawo 31 limalamula bwana kupereka wantchito akaipempha. Imanena dzina la kampani, udindo wanu, malipiro, ndi kutalika kwa nthawi imene mwagwira. Onetsetsani kuti deti lothera limene alembapo ndi lomwe lili m'kalata yanu, chifukwa a penshoni ndi bwana watsopano adzayang'ana limenelo. Masiku asanu ndi awiri akadutsa popanda malipiro, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi mapepala atatu: kope ya kalata yodindidwa ija, chikalata chosiyirana ntchito chosayinidwa, ndi kontirakiti. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la nkhani za ntchito.